Nkhondo ya 1914: Mizu Yakale Kapena Chipolopolo cha ku Sarajevo?

Ofotokoza chiyambi cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse amagawikana pawiri. Ena amakumba mizu: Jeremani atalanda dera la Falansa la Alsace-Lorraine mu 1871 Falansa anasunga mangawa, ndipo pofika 1907 mayiko akuluakulu a ku Ulaya anali m'magulu awiri oopana. Njirayi imalongosola bwino chifukwa chake mkangano wa Austria ndi Serbia unakoka mayiko ambiri chonchi. Koma imakanika pa funso limodzi: bwanji nkhondo sinabuke mu 1908, Austria italanda Bosnia, magulu omwewo alipo kale?

Ena amayambira pa 28 Juni 1914, tsiku limene Gavrilo Princip, mnyamata wachiserbia wa ku Bosnia, anawombera Franz Ferdinand, amene ankayembekezeka kulowa ufumu wa Austria, mumzinda wa Sarajevo ku Bosnia, ndipo Austria inaloza chala Serbia. Apa nthawi imadziwika, koma imfa ya munthuyu payokha siyingatiuze chimene Britain inalowerera.

Ine ndimakhulupirira wolemba amene amayesa chifukwa chilichonse pochichotsa. Chotsani Princip: mwina nkhondo ikanachedwa. Chotsani lonjezo la Jeremani la pa 5 Julaye loti adzaima ndi Austria: n'zokayikitsa kuti Austria akanaputa Serbia, podziwa kuti Russia ali kumbuyo kwake.