Batani la WhatsApp linandiluzitsa alendo a Nc'wala

Ndili ndi kanyumba ka alendo kuno ku Chipata, ndipo mu Januwale ndinalipira K800 kwa mnyamata yemwe anandipangira webusaiti kuti aikepo batani la WhatsApp komanso nambala yoti munthu akangoikhudza, foni iimbe. Anamaliza tsiku lomwelo. Batani lobiriwira lija linkaoneka bwino pakona, ine n'kukhulupirira kuti zatheka.

Masabata atatu anadutsa popanda uthenga ngakhale umodzi, chonsecho mwambo wa Angoni wa Nc'wala unali pafupi, nthawi imene anthu opita ku Mtenguleni amalimbirana zipinda. Amene ananditsegula m'maso ndi mayi wina wochokera ku Lusaka. Anafika madzulo atatopa, n'kundionetsa foni yawo, amvekere: "Amayi, batani lanuli likukana, likuti nambala ndi yolakwika." Ndinadina ndekha, mtima unandipweteka. Nthawi yonseyo anthu ankadina n'kumapita kwina.

Nditamuimbira mnyamatayo anayankha kuti mwina ndi netiweki ya kwathu, ndiyesenso mawa. Yankho limeneli ndi lomwe linandikwiyitsa kuposa vuto lenilenilo. Mawa lake foni sanayankhe. Ndinachita kumulondola komwe amagwirira ntchito, ndipo atatsegula kompyuta anapeza kuti anakopera nambala monga timailembera pachikwangwani, kuyambira ndi 097. Linki ya WhatsApp simafuna ziro woyambayo. Imafuna 260 ya dziko lathu, kenako nambala, popanda + kapena mipata:

```
https://wa.me/26097XXXXXXX
tel:+26097XXXXXXX
```

Yachiwiriyo ndi yoimbira, ndipo iyo + imaifuna. Apanso anali atalemba 097 chabe. Kwa ife a kuno inkagwira ntchito, n'chifukwa chake sindinakayike kanthu, koma alendo anga ambiri amachokera ku Mchinji ndi Lilongwe kudzera pa Mwami, ndipo pa simu ya ku Malawi nambala yopanda +260 singafike kwa ine.

Kukonza konseko sikunathe ndi mphindi khumi. Ndinene zoona, atazindikira kulakwa kwake anapepesa, ndipo sanandiuze zoti ndiwonjezere ndalama. Anaikanso `?text=` kumapeto kwa linki, moti mlendo akadina amapeza mawu olembedwa kale akuti "Moni, ndikufuna chipinda", iye n'kungotumiza. Zimenezi zandithandiza, chifukwa ndimadziwiratu kuti uyu wachokera pa webusaiti. Batanilo analisunthanso, poti pa mafoni aang'ono linkabisa mitengo ya zipinda.

Panopo mauthenga akubwera, ena usiku ndili mtulo, ndiye ndinatchera WhatsApp Business kuti iziyankha yokha kuti ndiyankha m'mawa. Ntchito amaidziwa mnyamatayu, koma sayesa zomwe wapanga. Ndikumupatsa nyenyezi zitatu. Mukamupatsa ntchito, musamalize kulipira musanadine mabatani onse awiri pa foni ya munthu wina, iye ali pomwepo.