Miyezi 8 ndikugwiritsa ntchito timadontho 68 ta dlib posinthanitsa nkhope

Nditangoyamba kugwiritsa ntchito `shape_predictor_68_face_landmarks.dat`, fayilo yoika timadontho pa mbali za nkhope mu chithunzi, ndinkaganiza kuti nkhani yaikulu posinthanitsa nkhope ndi khungu ndi kuwala. Pano padutsa miyezi 8, ndipo ndikayang'ana mavidiyo amene anandivuta, ambiri anawonongekera koyambirira, pa sitepe yolinganiza nkhope ziwirizo zisanasinthanitsidwe. Ntchito yanga ndi yokonza mavidiyo aafupi a masewero, pomwe nkhope ya wosewera imaikidwa pa thupi la womuimirira m'zigawo zina. Anthu onse awiri amadziwa ndipo anavomera. Nkhope ya munthu amene sanavomere sindiikhudza n'komwe.

Fayiloyi ndi ya dlib, laibulale ya olemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo kukula kwake kumayandikira 100 MB. Njira yake ndi ya Kazemi ndi Sullivan ya mu 2014, ndipo inaphunzitsidwa pa gulu la zithunzi za nkhope lotchedwa iBUG 300-W. Mukaipatsa chithunzi ndi bokosi lomwe muli nkhope, imakubwezerani timadontho 68, kalikonse ndi nambala yakeyake yosasintha. Kuyambira 0 mpaka 16 n'tozungulira nsagwada ndi chibwano, 17 mpaka 26 ndi nsidze, 27 mpaka 35 ndi mphuno, 36 mpaka 47 ndi maso awiri, ndipo 48 mpaka 67 ndi pakamwa. Pamphumi palibe ngakhale kamodzi. Chifukwa nambalazo sizisintha, kadontho 30 ndi nsonga ya mphuno pa nkhope ya aliyense, ndiye pulogalamu imatha kunena kuti malo awa pa nkhope iyi ndi omwewo ndi malo awa pa nkhope inayo.

Pa liwiro ndilibe dandaulo lililonse. Imathamanga pa kompyuta wamba popanda khadi la zithunzi, ndipo nthawi yambiri imathera pofunafuna bokosi la nkhope, osati poika timadonthoto.

Tsopano kulinganizako. Nkhope yochokera pa chithunzi china iyenera kukulitsidwa kapena kuchepetsedwa, kupendekedwa, kenako kusunthidwira kumbali ndi m'mwamba kapena m'munsi. Ndi manambala anayi basi. Nachi chitsanzo chimene ndimagwiritsa ntchito pofotokozera mnzanga amene timagwira naye ntchito. Pa chithunzi cha wosewera, pakati pa diso limodzi pali pa (210, 300) ndipo linalo pa (290, 300). Maso ali pa mzere wowongoka, atalikirana mapikiselo 80. Pa fulemu ya womuimirira, maso ali pa (500, 400) ndi (596, 428), kutanthauza kuti diso lachiwiri lili mapikiselo 96 kumbali ndi 28 m'munsi. Mtunda wake ukukwana 100. Choncho nkhope ya wosewera iyenera kukula ka 1.25, n'kupendekeka madigiri 16 ndi pang'ono. Mu masamu zimaoneka chonchi:

```
x' = 1.2*x - 0.35*y + 353
y' = 0.35*x + 1.2*y - 33.5
```

Mukaikamo (210, 300) mupeza (500, 400), mukaikamo (290, 300) mupeza (596, 428). Maso akhala pamalo pake ndendende, ndipo m'miyezi yoyambirira ndinkati ndikaona zimenezi ndimati ntchito yatha.

Koma yesani mphuno. Ya wosewera ili pa (250, 350), ndipo masamu omwewo akuitengera pa (530.5, 474). Pa fulemu ija, mphuno ya womuimirira ili pa (552, 478). Zasiyana ndi mapikiselo pafupifupi 22, pa nkhope imene maso ake atalikirana 100. Chachitika n'chakuti womuimirirayo wacheukira pang'ono kumbali. Mphuno imatuluka kutsogolo kwa nkhope, ndiye mutu ukatembenuka iyo imasuntha kwambiri kuposa maso. Manambala anayi aja sangakonze zimenezi ngakhale muwasinthe bwanji, chifukwa amangoyendetsa chithunzi chafulati. Mukapitiriza, mumapeza nkhope yooneka ngati chigoba chomatidwa chammbali, mthunzi wa mphuno yakale ukusuzumira pansi pa yatsopano.

Kusiyana kotsalaku ndi kumene ndinachedwa kukuzindikira, ndipo ndikadakudziwa pa tsiku loyamba bwenzi nditapulumutsa masabata angapo. Masiku ano pa fulemu iliyonse ndimawerengera kuti timadontho tatsala motalikirana bwanji pambuyo polinganiza, n'kugawa ndi mtunda wa pakati pa maso. Zikapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi, fulemuyo ndimaiika pambali kuti ndiione ndi maso anga. Malire amenewa ndinawapeza ndekha poyesa pa mavidiyo anga, si lamulo, ndipo anu angasiyane. Chifukwa chofunira muyeso wotere n'chakuti dlib sikuuzani kuti ikukayika. Wosewera akaphimba pakamwa ndi dzanja, imajambulabe milomo yokongola pamwamba pa zala. Magalasi a felemu yokhuthala amakokera timadontho ta maso m'mwamba, ndevu zambiri zimasokoneza chibwano, koma mumalandirabe timadontho 68 tathunthu ngati kuti zonse zili bwino.

Cholakwa changa chachikulu chinali kuganiza kuti timadontho tikachuluka, kulinganiza kumalondola. Kwa miyezi itatu ndinkapereka tonse 68 ku masamu aja. Njira yodziwika pa izi ndi ya Umeyama ya mu 1991, imene imasankha manambala anayi aja kuti kusiyana kwa timadontho tonse pamodzi kukhale kochepetsetsa. Vuto lake n'lakuti kadontho kalikonse kali ndi mawu ofanana, pamene 20 mwa 68 tili pakamwa ndipo 17 tili pansagwada. Kuposa theka lili pa mbali za nkhope zimene zimayenda munthu akamayankhula. Wosewera akatsegula pakamwa kwambiri, chibwano chimatsika, masamu n'kuganiza kuti nkhope yakula, ndiye nkhope yonse imafufuma n'kuphwa motsatira mawu. Poyamba ndinkati vuto ndi kamera. Ndinazindikira nditajambula nambala ya kukula pa girafu n'kuona kuti ikukwera pa "a" aliyense.

Timadontho ta nsagwada tili ndi vuto linanso. Nkhope ikacheuka, ta mbali yobisikayo timangotsatira m'mphepete mwa tsaya looneka, osati fupa lenileni, ndiye kadontho 2 pa chithunzi china si malo amodzi ndi kadontho 2 pa chinzake. Pano polinganiza ndimangotenga ngodya zinayi za maso, 36, 39, 42 ndi 45, ndi mzere wa mphuno kuyambira 27 mpaka 30. Ta nsagwada ndimatisungira ntchito ina, yojambula malire a pomwe nkhope yatsopano ithere.

Zimenezi zinandichititsa kumvetsa chifukwa chake zida za InsightFace, zozindikira ndi kusinthanitsa nkhope, zimalinganiza ndi timadontho tisanu tokha: maso awiri, nsonga ya mphuno ndi ngodya ziwiri za pakamwa. Kumeneko nkhope ziwiri sizilinganizidwa ina pa inzake mwachindunji. Iliyonse imatengeredwa pa chikombole chimodzi chokhazikika, monga cha njira yozindikira nkhope ya ArcFace, cha mapikiselo 112 mulitali ndi mulifupi, pomwe maso amakhala pafupi ndi (38, 52) ndi (74, 52). Kusinthanitsa kumachitikira pamenepo, kenako zotsatira zimabwezeredwa pa fulemu ndi masamu omwewo otembenuzidwa. Ndinatengera kachitidwe kameneka ngakhale ndikugwiritsabe ntchito dlib, ndipo kanafewetsa zinthu kwambiri. Apa `src` ndi timadontho ta pa fulemu, `dst` ndi malo ake pa chikombole cha mapikiselo 256:

```python
M, _ = cv2.estimateAffinePartial2D(src, dst, method=cv2.LMEDS)
face = cv2.warpAffine(frame, M, (256, 256))
M_inv = cv2.invertAffineTransform(M)
```

Onetsetsani `method` ameneyo. Mukapanda kumulemba, OpenCV, laibulale ya `cv2` ija, imagwiritsa ntchito njira ya RANSAC ndi malire a mapikiselo 3, ndipo imataya timadontho timene ikuona kuti tasochera. Pa chithunzi chimodzi zimenezi n'zabwino. Pa vidiyo, fulemu ino itaya kadontho aka, yotsatira itaya kena, ndipo nkhope imadumpha popanda chifukwa chooneka. `LMEDS` inachepetsako kudumphako pa mavidiyo anga, koma pomaliza ndinabwerera ku Umeyama wopanda kutaya kalikonse, pa timadontho tanga tisanu ndi titatu tija. Ndinayesakonso `estimateAffine2D`, imene ili ndi manambala asanu ndi limodzi ndipo imaloleza kufutukula nkhope mbali imodzi. Kusiyana kotsala kumachepadi, koma wosewera wa nkhope yaitali amatuluka ndi nkhope yozungulira ya womuimirira, anthu n'kusiya kumuzindikira.

Kunjenjemera ndiye kwandidyera nthawi yambiri kuposa china chilichonse. dlib imaona fulemu iliyonse payokha, siikumbukira yapitayo. Munthu atakhala chete osagwedera, timadontho timasunthabe pikiselo imodzi kapena awiri chifukwa cha kusintha kwa kuwala ndi kusuntha kwa bokosi la nkhope. Pa nkhope ya mu chitsanzo chija, diso limodzi likalakwika ndi mapikiselo awiri m'mwamba, nkhope imapendekeka digiri imodzi ndi kachidutswa. Koma munthu akaima patali, maso atalikirana mapikiselo 30 okha, kulakwa komweko kumapendeketsa nkhope pafupifupi madigiri 4. Pa mafulemu 25 pa sekondi, wowonera aliyense amaona kuti nkhope ikusambira pamwamba pa mutu. Mukaimika vidiyo, fulemu iliyonse imaoneka yabwinobwino, n'chifukwa chake kuyang'ana zithunzi chimodzichimodzi kunandinamiza kwa nthawi yaitali.

Mankhwala ake ndi kusalaza: kutenga gawo la malo atsopano ndi gawo la malo a fulemu yapitayo. Ndinayamba ndi 0.3 ya atsopano ndi 0.7 ya akale, kunjenjemera kunatha, koma wosewera akatembenuza mutu mwachangu nkhope inkatsalira m'mbuyo mafulemu awiri kapena atatu. Pano ndimasalaza kwambiri mutu ukakhala phee, ndipo ukamathamanga ndimasiya. Popeza sindigwira ntchito pa vidiyo yamoyo, ndimathanso kuyang'ana mafulemu akutsogolo pamodzi ndi akumbuyo, zimene zimachotsa kutsalira kuja. Chimene ndimasalaza ndi manambala anayi olinganizira, osati timadontho ta milomo, apo ayi pakamwa pamachedwa kutsatira mawu.

Pa nkhope zocheuka kwambiri ndagonja. Chofufuzira nkhope cha dlib cha `get_frontal_face_detector()` chinapangidwira nkhope zoyang'ana kutsogolo, ndipo mutu ukayandikira kuoneka chammbali, bokosi limangosowa. Ndinayesa pulogalamu ina, MediaPipe Face Mesh, ya timadontho 468 tokhala ndi kuya kwake, ndipo imafika mpaka pamphumi komanso imagwiritsitsa nkhope yocheuka kuposa dlib. Ndimaigwiritsa ntchito pojambula malire a nkhope m'zigawo zovuta. Komabe siinathetse vuto la mphuno lija, chifukwa kudziwa bwino pomwe mphuno ili sikukupatsani tsaya limene silinajambulidwe pa chithunzi cha wosewera. Chimene chinathandiza ndi kujambula wosewerayo atayang'ana mbali zosiyanasiyana, n'kumasankha chithunzi chimene kusiyana kwake kotsala kuli kochepa pa fulemu iliyonse.

Kodi ndipitiriza ndi fayilo ya dlib? Pa zigawo zoyang'ana kutsogolo, zowala bwino, nkhope ili pafupi ndi kamera, inde, chifukwa ndi yopepuka ndipo ndikudziwa pomwe imanama. Pa ntchito yolipidwa ayi: zithunzi za 300-W zimene inaphunzirirapo siziloledwa pa malonda, ndipo eni dlib amachenjeza okha za fayiloyi. Mwezi uno ndayamba kuika timadontho pamanja pa zithunzi zathuzathu kuti ndiphunzitse fayilo yanga ndi `dlib.train_shape_predictor`, ya maso ndi mphuno zokha.