Mapampu athu okankha madzi, patatha miyezi 14

"Achimwene, mapampu aja munaika pa nyumba ya nsanjika 16 ku Joni akugwira bwanji? Kukula kwake munalasa?"

Pulesha tinalasa, achimwene, koma kuchuluka kwa madzi tinaphonya.

Ya pulesha inali masamu osavuta. Madzi akakwera mamita 10 amadya pulesha yokwana pafupifupi baa imodzi. Nsanjika iliyonse ndi mamita atatu, ndiye kuchoka pa thanki ya pansi kukafika pamwamba ndi mamita 48, kapena kuti mabaa 4.8. Tinaonjezapo mabaa awiri kuti shawa ya wokhala pamwamba izituluka bwino, ndi 0.7 yotayika m'mapaipi ndi m'makona. Zonse pamodzi 7.5. Mphamvu yotereyi ikalowa m'fulati ya pansi imathetsa marabala a m'mipope msanga, n'chifukwa chake nyumbayi tinaigawa pawiri. Nsanjika 9 mpaka 16 zimalandira molunjika, pomwe 1 mpaka 8 zili ndi paipi yakeyake yodzera pa valavu yochepetsa pulesha, yomwe tinaitchera pa mabaa 5. Apa palibe amene wadandaulapo, kupatula tsiku lina mchenga utatsakamira m'valavumo, geji n'kuyamba kukwera yokha usiku. Titatsuka sefa zinatha.

Mutu unatipweteka ndi malita. Mafulati ndi 64, ndipo poopa kuti madzi angachepe tinagula mapampu awiri akuluakulu, iliyonse yotha malita 6 pa sekondi, ina yogwira ina yodikirira. Chaka chonsechi mita sinaonetsepo kupitirira malita atatu pa sekondi, ngakhale 6 koloko m'mawa aliyense akusamba. Anthu satsegula mipope onse nthawi imodzi ayi.

Pampu yaikulu mopitirira siioneka m'mawa, imaoneka pakati pa usiku. Munthu mmodzi akagujumula chimbudzi, chimota chija chimadzuka, masekondi ochepa chazima, kenako chadzukanso. Usiku wina ndinakhala pampando m'chipinda cha mapampu ndi tochi, n'kuwerenga maulendo 40 pa ola limodzi. Mayi wa pa nsanjika yoyamba anali atandiuza kale kuti khoma lake limagunda ngati mtima.

China chinali kathanki ka mpweya, komwe kamasunga pulesha m'mapaipi pampu ikazima. Tinakapeza ndi mabaa awiri okha, pomwe pa mapampu osintha liwiro ngati athuwa kamafunika pafupifupi magawo 7 mwa 10 a pulesha yomwe mwatchera. Tinatseka valavu yake, kukhetsa madzi, n'kupopera mpweya mpaka 5.2. Kudzukadzuka kunachepa ndithu, koma sikunathe mpaka titaonjeza kapampu kakang'ono kogwira usiku.

Kukanakhala kuyambiranso, ndikanagula mapampu atatu a malita awiri pa sekondi: awiri othandizana m'mawa, yachitatu yodikirira. Ndipo inu musanasaine, funsani ngati makinawo amadzaza paipi pang'onopang'ono magetsi akabwera. Athu poyamba ankangonyamuka ndi liwiro lonse paipi ili yopanda madzi, mpaka joini ya pa nsanjika 15 inaphulika, madzi n'kutsika ndi masitepe.