Sikelo kapena tepi ya telala: kusankha saizi ya mataiti ndi masokosi othina

Anzanga amene timathamanga nawo Loweruka m'mawa akhala akundifunsa funso limodzi mpaka latopetsa: "Taiti ija timagula saizi yanji?" Akunena buluku lothina lofinya miyendo limene othamanga amavala. Yankho limadalira kuti amene akukugulitsaniyo amayeza chiyani. Pali amene amakufunsani kutalika ndi kulemera kwanu. Pali amene amafuna mupime mwendo weniweniwo ndi tepi. Ndiye pali a S, M, L basi, amene safunsa kanthu. Zonsezi ndavalapo, ndipo ndineneretu kuti ndili ndi mbali.

Tiyambe ndi a sikelo. Makampani amene anayambira ku Australia monga 2XU ndi Skins ndiwo anatchukitsa tchati cha mabokosi chija: kutalika mbali imodzi, makilogalamu mbali inayo, pamene mizere iwiriyo yakumana ndiye saizi yanu. Ubwino wake ndi wosakanika. Aliyense amadziwa kutalika kwake, ndipo sikelo imapezeka pachipatala kapena kwa anyamata oyeza anthu m'mbali mwa msewu. Komanso taiti yofika m'kakolo imafunikadi kuti kutalika kuwerengedwe, apo ayi imathera pakati pa katumba kapena kuunjikana pamwamba pa nsapato.

Vuto lake ndi lakuti sikelo sidziwa kumene makilogalamuwo ali. Titenge amuna awiri, onse otalika masentimita 172, onse olemera makilogalamu 70. Woyamba ndi wa kabaza, tsiku lonse ali pa pedulo, pamimba palibe kanthu koma katumba wake akukwana masentimita 40 kuzungulira. Wachiwiri ndi wa mu ofesi, kamimba katsogola, katumba wake ndi masentimita 33. Tchati chiwaika m'bokosi limodzi ndi kuwapatsa taiti yofanana. Pa malaya wamba kusiyana kwa masentimita 7 si nkhani. Pa chovala chimene ntchito yake yonse ndi kufinya mwendo pa mlingo wake, ndi nkhani yaikulu, chifukwa nsalu yomweyo ikukokedwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kuposa pa mwendo wa mnzakeyo. Wa kabaza imufinya katumba mopitirira pamene m'chiuno ikukhwepa. Wa mu ofesi imudula pamimba, koma m'miyendo wangovala buluku lopyapyala lodula.

Ine thupi langa lili ngati la wa kabazayo, ndipo apa ndi pamene panandipweteka. Ndinagula taiti pa sitolo ina ya pa intaneti ya kunja, ya kampani yosatchuka imene inali ndi tchati cha mtundu womwewu. Ndinatsata bokosi langa bwinobwino ndipo linati M. Itafika, kuikweza kudutsa m'ntchafu inali nkhondo. Nditawerama patsogolo pa galasi, nsalu yakuda ija inasanduka yotuwa pantchafu ndi kumbuyo, mpaka kabudula wamkati kumaonekera. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti ulusi wakokedwa kufika pamapeto pake. Pothamanga, lamba wa m'chiuno amangotsetsereka, ine dzanja lili kumbuyo kukweza. Povula, msoko unali utadinda mzere wofiira kuchokera kuseri kwa bondo kutsika, ndipo zala za kumapazi zinali zitachita dzanzi.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri si kuthinako. Nditalemba kuti andisinthire, anandiyankha mwaulemu kuti chovala chogunda khungu sabweza chikangotsegulidwa m'pepala mwake. Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti taiti yamukana osaitsegula? Nditalimbikira, anati chabwino, koma ndalama yotumizira kubwerera ndilipire ndekha, yotumiziranso yatsopanoyo ndilipirenso ndekha, ndipo imene ndinalipira poyamba kuti katunduyo alowe m'dziko sibwerera. Nditawerengetsera, kusinthitsa kumadula kuposa kugula ina. Mawu amenewa analipo ndithu, koma pa tsamba lina lakutali ndi pamene panali tchati ndi batani logulira. Kuyambira pamenepo, ndisanayang'ane n'komwe mtundu wa chovala, ndimayamba ndafufuza mawu akuti "returns" pa tsambalo, n'kuona ngati amalandira chovala choyesedwa komanso amene amalipira ulendo wobwerera. Kwa munthu amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, kubweza katundu n'kosavuta kwenikweni. Kwa amene akudikira katundu ku Lilongwe kapena ku Chipata, saizi yoyamba ndiyo yomaliza.

Kunena chilungamo, makampani akuluakulu a sikelo aja amachenjeza za anthu amene agwera pamalire a mabokosi awiri, ndipo nsalu yawo ndi ina. Munthu wa thupi lapakatikati nthawi zambiri zimamuyendera. Komabe mkwiyo wanga pa tchati cha mtunduwu sunathe, makamaka ndikaganiza za atsikana a netibo amene m'chiuno ndi ochepa koma ntchafu ndi zamphamvu. Iwowa sikelo imawanamiza kuposa ife.

Tsopano a tepi. Chitsanzo chodziwika ndi CEP, ya kampani ya medi ya ku Bayreuth ku Germany, imene ntchito yake yakale ndi kupanga masokosi a kuchipatala a anthu otupa miyendo. Masokosi awo ofika m'bondo safunsa kulemera kwanu. Amafunsa kuzungulira kwa katumba pamene pali potakata kwambiri. Kuyambira masentimita 32 mpaka 38 ndi saizi III, 39 mpaka 44 ndi IV, ndipo amuna ali ndi V ya 45 mpaka 50, pamene amayi ali ndi II ya 25 mpaka 31. Amuna athu awiri aja apa alekana: wa kabaza atenga IV, wa mu ofesi atenga III. Aliyense apeza kufinya kumene wopangayo analinga.

Chifukwa chake tepi imapambana chagona pa mmene sokosi yotere imagwirira ntchito. Imalukidwa kuti ifinye kwambiri pakakolo, kufinyako n'kumachepa pokwera kubondo, kuti magazi azithandizika kubwerera kumtunda. Mphamvuyo imalembedwa pa bokosi ndi zilembo zakuti mmHg, muyeso womwe uja wa BP. Zofewa zimakhala 15 mpaka 20, zolimba za othamanga ambiri 20 mpaka 30. Koma nambalayo ndi yoona pokhapokha mwendo uli mkati mwa miyeso imene anailukira. Mukaika katumba wamkulu m'sokosi yaing'ono, kumtunda kumafinyika kuposa mmene kuyenera kukhalira, dongosolo lija n'kusokonekera, ndipo mkombero wa pamwamba umasanduka chingwe chomanga mwendo.

Kupima kwake sikuvuta. Bwerekani tepi kwa telala, pimani m'mawa mutangodzuka miyendo isanatupe, mutaimirira phazi lili pansi. Tepi igunde khungu popanda kulowa m'mnofu, ndipo isapendekeke. Pimani miyendo yonse iwiri, chifukwa si zachilendo kuti wina ukhale wokulirapo, ndipo mutsate waukuluwo. Ngati tchati chili m'mainchi, inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho katumba wa masentimita 40 ndi mainchi 15.7. Yang'anitsitsani mbali ya tepi imene mukuwerenga, poti ya telala ili ndi manambala mbali zonse ziwiri.

Nanga tepi ikati 38.5, pakati pa III ndi IV? Ine ndimati ngati ndi koyamba kuvala zoterezi, kapena mukufuna kuvala maola ambiri mutakhala m'basi ya ku Joni, kwerani saizi. Ngati munazolowera kale ndipo mukufuna yothamangira, yotsikayo ingakukomereni. Amene amapima madzulo atayenda tsiku lonse ndiye amadzikankhira okha ku saizi yaikulu popanda chifukwa.

A tepi nawo ali ndi chilema chawo, sindibisa. Muyeso wa katumba sunena kutalika kwa mwendo. Munthu wamfupi wa akatumba aakulu amapeza sokosi ikukwera mpaka kuseri kwa bondo, pamene imayenera kuthera zala ziwiri pansi pa pamene bondo limapindikira. Ambiri amangoipinda pamwamba, ndipo kutero n'kulakwitsa kwambiri, chifukwa popindapo kufinya kumachuluka pamalo amodzi. Ndi bwino kuisalaza ndi zikhatho kutsikira m'munsi kuti nsalu igawikane, kapena kugula zongovala pakatumba zopanda phazi ngati zili zazifupiko. Masokosi a kufamase ndiwo amaposa onse pamenepa, poti amapima kakolo, katumba ndi kutalika kuchokera pansi kufika kubondo, ndipo ambiri ali ndi aafupi ndi aatali. Kungoti ndi otentha, ndipo maonekedwe ake ndi a m'wodi. Mtengo wa onsewa ndi wokwera, palibe chonamizana.

A S, M, L a pamsika sindiwathera nthawi. Chilembo chopanda masentimita pambali sichikuuzani kalikonse, ndipo L wosokedwa potsata matupi a ku China nthawi zambiri amakhala wocheperapo poyerekeza ndi L wa ku Ulaya. Ngati pa pepala lake palibe nambala ya mmHg kapena tchati, mwagula chovala chothina chabe. Chimagwira ntchito yoletsa ntchafu kukhulana pansi pa kabudula wa mpira, ndipo pa ntchito imeneyo n'chokwanira.

Za pakaunjika ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko mumapezadi mayina enieni pa mtengo wa chakudya cha masana, ndipo mwendo wanu muli nawo pomwepo. Chovuta n'chakuti chilembo cha saizi chimanena za chovalacho chili chatsopano. Ulusi wa lasitiki umatha mphamvu ndi kuchapidwa, kutentha ndi thukuta. Kokani nsaluyo pabondo kapena pakakolo muisiye: yamoyo imabwerera nthawi yomweyo, yotopa imatsala ndi kathumba. Mukaona timaulusi toyera tikutuluka, kapena mukamva kuthetheka pokoka, isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Imene mwagula, musaisite, musainyike m'madzi otentha kapena m'mankhwala oyeretsera zovala, ndipo muiyanike pamthunzi.

Chigamulo changa ndi ichi. Pa chilichonse cha pansi pa bondo, ndalama yanga imapita kwa amene wandifunsa masentimita a katumba, ndipo sindisinthanso. Pa taiti yaitali, tchati cha sikelo ndimachilola kundiuza kutalika kokha, kenako ndimafuna kuona muyeso wa m'chiuno ndi wa m'matako. Ziwirizi zikatsutsana ndimatsata tepi, ndipo wogulitsa amene alibe miyeso imeneyi komanso salola kubweza sindimugula. Chovala choyenera chimavuta pang'ono kuvala koma mphindi zingapo zikadutsa mumaiwala kuti mwachivala. Dzanzi, zala kuzizira kapena kusintha mtundu, ndi ululu wobaya zikutanthauza kuti muvule pompo. Ndipo amene ali ndi matenda a shuga oti mapazi samva bwino, kapena vuto la mitsempha yobweretsa magazi kumiyendo, ayambe wafunsa kuchipatala asanavale za 20 mpaka 30.