Kuika kontrakiti mu tebulo: Word, Excel wa mzere umodzi, kapena mzere pa udindo uliwonse?

Alembi a makopaletivi ndi a mabizinesi kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, ambirife timasunga makontrakiti mu kabati, n'kumawatulutsa pokhapokha mkangano ukabuka. Amene amayesako kuchotsamo mfundo zikuluzikulu n'kuziika mu tebulo amatsata njira zitatu. Ndiziyerekeza pogwiritsa ntchito kontrakiti imodzi yongopeka, koma yofanana ndi zomwe timakumana nazo.

Tinene kuti kopaletivi ya alimi a nzimbe kufupi ndi Nchalo yagwirizana ndi kampani ya malole kuti izinyamula nzimbe kupita ku fakitale. Anasainirana pa 10 Malichi 2025, koma ndime 2 ikuti ntchito iyamba pa 1 Epulo 2025 ndipo itenga miyezi 12. Ndime 6 ikuti kopaletivi izilipira pasanathe masiku 14 ogwira ntchito chilandirireni invoisi. Ndime 11 ikuti kontrakiti idzapitirira yokha chaka china ngati palibe amene wapereka notisi kutatsala masiku 60 kuti ithe. Ndime 15, kumapeto kwenikweni, ikuti kalata yotumizidwa pa positi imatengedwa kuti yafika pakatha masiku 7, pomwe yoperekedwa pamanja imatengedwa kuti yafika tsiku lomwelo.

Njira yoyamba ndi tebulo la mu Word, tsamba limodzi pa kontrakiti iliyonse: kumanzere mutu, kumanja yankho. Ubwino wake ndi woti limawerengeka. Mukhoza kulisindikiza, kulimasulira m'Chichewa, n'kupita nalo ku msonkhano wa komiti kuti apampando ndi asungichuma aone okha. Koma tsambali limangokhala phee mmene munalilembera. Mukalemba kuti "notisi: masiku 60", lidzanenabe zomwezo ngakhale masikuwo atadutsa kalekale. Ndipo makontrakiti akachuluka, simungafunse funso loti "mwezi uno tikuyenera kuchitanji" osatsegula tsamba lililonse palokha.

Yachiwiri ndi imene ambiri amaikonda: Excel, kontrakiti iliyonse mzere wake. Dzina la kampani, tsiku loyamba, tsiku lotha, ndalama, basi. Pamenepa kompyuta imathandizadi. Tsiku loyamba likakhala mu C2, tsiku lotha limapezeka chonchi:

```
=EDATE(C2,12)-1
```

Yankho ndi 31 Malichi 2026. Onani kuti tawerengera kuchokera pa 1 Epulo, osati pa 10 Malichi pomwe anasainirana. Pa masiku awiriwa, lililonse likhale ndi kolamu yake, chifukwa kuwasakaniza kumasuntha zonse zotsatira ndi masabata atatu. Vuto la njirayi limaoneka mukafika pa maudindo. Kontrakiti imodzi ili ndi zinthu zambiri zoti mbali iliyonse ichite, koma malo ndi kabokosi kamodzi, ndiye mlembi amangounjikamo: kulipira, kukonza misewu ya m'munda, inshuwalansi ya malole. Zounjikidwa choncho Excel sangazisanje, sangaziwerengere tsiku. Choopsa kwambiri n'choti diso limangopita pa 31 Malichi, munthu n'kumaganiza kuti nthawi ilipo.

Nthawi palibe. Tsiku lofunika kwambiri mu kontrakiti iyi silinalembedwe paliponse, muyenera kulipeza nokha. Kuchotsa masiku 60 pa 31 Malichi 2026 kukutifikitsa pa 30 Januwale. Ngati kalata ipita pa positi, ndime 15 ikuchotsanso masiku 7, ndiye iyenera kuponyedwa pofika pa 23 Januwale. Ife a kuchigwa kuno tikuudziwa Januwale. Ndi mwezi umene namondwe Ana anatigwera mu 2022, msewu wopita ku Blantyre n'kuduka. Komiti yoti ivomereze kalatayo mwina siingakumane n'komwe, ena ali kutsidya kwa Shire. Kopaletivi imene ikufuna kusintha wonyamula nzimbe iyenera kumanga mfundo mu Disembala, apo ayi yadzimangirira chaka china ndi malole omwe ikudandaula nawo.

N'chifukwa chake ine ndimaima pa njira yachitatu. Ndi Excel yemweyo, koma masamba awiri. Tsamba loyamba ndi lija la mzere umodzi pa kontrakiti. Lachiwiri lili ndi mzere umodzi pa chinthu chilichonse chimene wina ayenera kuchita:

| Ndime | Ndani | Achite chiyani | Kuwerengera kuyambira | Tsiku lomaliza |
|---|---|---|---|---|
| 6 | Kopaletivi | Kulipira invoisi yolandiridwa | 4 Ogasiti 2025 | 22 Ogasiti 2025 |
| 11 ndi 15 | Aliyense | Notisi ya pamanja | Tsiku lotha | 30 Januwale 2026 |
| 11 ndi 15 | Aliyense | Notisi ya pa positi | Tsiku lotha | 23 Januwale 2026 |

Mzere woyambawo uli ndi msampha wake. Masiku 14 wamba kuchokera pa 4 Ogasiti amathera pa 18, koma masiku ogwira ntchito amathera pa 22. Mu D2 mukhale tsiku lolandira invoisi lokha, lolembedwa m'manambala, popanda mawu ena:

```
=WORKDAY(D2,14)
```

WORKDAY amadumpha Loweruka ndi Lamlungu okha. Maholide a kuno sawadziwa. Muwalembe nokha pa tsamba lina n'kumulozera. Muonenso ndime yomasulira mawu, kawirikawiri yoyambirira, chifukwa makontrakiti ena amawerengera Loweruka ngati tsiku la ntchito.

Kolamu ya nambala ya ndime musaisiye. Tsiku la mkangano loya sadzafunsa za tebulo lanu, adzafuna pepala losainidwa, ndipo nambalayo ndi imene imakubwezerani pomwe mawuwo ali.

Pa kuthetsa kontrakiti ndi pomwe njirayi imaposa zinzake kutali. Khomo lotulukira silikhala limodzi. Pali kukana kuti ipitirire, monga taonera. Pali kuthetsa chifukwa mnzanu waphwanya pangano, ndipo apa nthawi zambiri mumayenera kumulembera kaye, n'kumupatsa masiku oti akonze. Mukathetsa musanatero, wophwanya pangano mukhoza kusanduka inuyo. Palinso ndime ya ngozi zogwa mwadzidzidzi monga kusefukira kwa madzi, imene kawirikawiri imafuna kuti mudziwitse mnzanu m'masiku ochepa ngoziyo itangochitika. Khomo lililonse likhale mzere wake: ndani angalitsegule, pa chifukwa chanji, kalata ipite kwa ndani, ndipo chotsala n'chiyani, monga ngongole ya maulendo amene anyamula kale.

Maina a mbali ziwirizo akopereni chilembo ndi chilembo kuchokera pa tsamba loyamba la kontrakiti, osati dzina lolembedwa pa chitseko cha lole. Wosaina, kaya ndi apampando kaya manejala, akhale mu kolamu ina, poti amene wagwirizana ndi kopaletivi kapena kampani, iwo angoimirira.

Njira yachitatu ili ndi mtengo wake: imafuna kuwerenga kontrakiti yonse modekha, kuphatikizapo zowonjezera za kumapeto ndi makalata osintha mitengo amene anabwera pambuyo. Kwa amene muli ndi kontrakiti imodzi kapena ziwiri, tsamba la Word likwanira, bola mulembemo masiku owerengera kalewo, osati "masiku 60". Zikapitirira pamenepo, pitani ku masamba awiri. Mukamalemba masiku mu Excel, yesani kaye: kompyuta yotcheredwa mwachimereka imawerenga 1/4/2025 ngati 4 Januwale. Lembani 30/1/2026 mu kabokosi kopanda kanthu. Likakhala kumanja, Excel walizindikira ngati tsiku, koma likatsamira kumanzere walitenga ngati mawu chabe, ndipo muyenera kukonza zimenezo musanalembe tsiku lina lililonse.