Makaka ofiira, akuda ndi obiriwira: a Garvey, a Ethiopia kapena a Aluya?

Mpira wa mayiko ukangoyamba pa TV, anzanga amandifunsa funso lomwelomwelo: bwanji mbendera yathu ya Malawi, ya Kenya ndi ya Libya zikuchita ngati zinasokedwa ndi telala mmodzi? Kuyankha kuti "chofiira ndi magazi, chobiriwira ndi zomera, chakuda ndi anthu" sikulakwa, koma kumangogwira pa mbendera zina. Makakawa ali ndi magwero atatu, ndipo tanthauzo limatsatira gwero.

Gwero loyamba ndi Ethiopia, dziko lomwe linagonjetsa Italy pa Adwa mu 1896. Makaka ake ndi obiriwira, achikasu ndi ofiira. Ghana inawatenga polandira ufulu mu 1957, kenako Guinea, Mali ndi Senegal. Mukaona chachikasu chatenga mzere wonse pakati, yambani mwaganiza za ku Ethiopia.

Makaka a Aluya ndi gwero lachiwiri. Anayambira pa mbendera ya nkhondo ya 1916 yogalukira ulamuliro wa Turkey, ndipo ndi anayi: akuda, oyera, obiriwira ndi ofiira. Apa chakuda sichikunena khungu la munthu ayi. Chikuimira mafumu akale a banja la Abbas, choyera a banja la Umayya, chofiira banja la Hashim lomwe linatsogolera nkhondoyo. Jordan, Palestine ndi Kuwait zili mommuno. Libya ndiye imasocheretsa zedi. Mizere yake ndi yofiira, yakuda ndi yobiriwira, koma kawirikawiri amati ikuimira zigawo zitatu za dzikolo: Fezzan, Cyrenaica ndi Tripolitania. Mwezi ndi nyenyezi zoyera pakatipo ndi zomwe zikuuzeni kuti simuli kwathu.

Ife makaka athu ndi ofanana ndi a Marcus Garvey wa ku Jamaica. Bungwe lake lomenyera ufulu wa anthu akuda la UNIA linawakhazikitsa ku New York mu Ogasiti 1920: ofiira kuimira magazi, akuda anthu akuda, obiriwira chuma cha nthaka ya Africa. Kenya ndi Malawi sanakopere ndondomeko yake ndendende. Onse anatengera pa mbendera za zipani zomenyera ufulu, KANU mu 1963 ndi MCP mu 1964, n'kuika chakuda pamwamba, chofiira pakati. Kenya inawonjezera timizere toyera ta mtendere, chishango ndi mikondo. Ife tinaika dzuwa lofiira likutuluka, la timizere 31. A ku Zambia anasunga atatuwa koma anawonjezapo mtundu wa lalanje, kuimira kopa, ndi nkhwazi pamwamba pake.

Tsono pali mbendera ina yomwe ndili nayo mangawa. Mu Julayi 2010 boma la a Bingu wa Mutharika linasintha mbendera: chofiira pamwamba, chakuda pakati, chobiriwira pansi, ndi dzuwa loyera lathunthu. Chifukwa chomwe anapereka chinali chakuti dziko latukuka, dzuwa silingamangokhala likutuluka. Mukaiyang'anitsitsa, ndondomeko imeneyo ndi ya Garvey yeniyeni, komanso ndi ya Libya. Amene amaikonda ali ndi mfundo pamenepa, sindikana: inatiyandikitsa ku gwero. Koma kwa ine ndi pomwe inaluzira. Ya 1964 munthu amaizindikira ali patali, chifukwa dzuwa lofiira pa nsalu yakuda ndi lathu tokha. Ya 2010 ikapindika ndi mphepo, choyera chili pakati pa chakuda, mlendo sangasiyanitse ndi ya ku Libya. Ndipo dzuwa lotuluka lija si chokongoletsera chabe, ndi kwacha yemwe timagulira ufa. Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa yakale mu Meyi 2012, nthawi ya mayi Joyce Banda.

Vuto ndi lakuti nsalu sizimva za Nyumba ya Malamulo. Katundu wa zaka ziwiri zimenezo adakalipo, ndipo osindikiza ena amangotola chithunzi chilichonse pa intaneti. Ine ndinaitanitsa timbendera ta pa tebulo ta mwambo wa 6 Julayi kwa wosindikiza wina, n'kulipiriratu. Tinabwera titakulungidwa bwinobwino m'pulasitiki, m'mbali mukungooneka makaka atatu aja. Kumasula, tonse ta dzuwa loyera. Nditabwerera, mkuluyo anangoti, "Achimwene, mitundu si yomweyo?" Kusindikizanso anati ndilipire kachiwiri.

Nde musamagule mbendera ili chipindire. Itambasuleni, muone mzere wapamwamba: ukhale wakuda, dzuwa lofiira, latheka, litakhazikika pamalire a chakuda ndi chofiira. Chofiira chikakhala pamwamba, mwina mwagwira ya 2010, ya Garvey kapena ya Libya. Ndipo mukamapereka oda kwa wosindikiza, muuzeni akuonetseni kamodzi kosindikizidwa kale musanatulutse ndalama yonse.