Njira zitatu zounikira antchito: iti imathana ndi halo, iti ndi kufewa kwa bwana?

Pa mayeso a kasamalidwe ka antchito pali funso lomwe silisowa. Amafotokoza za bwana amene walakwitsa popereka malikisi, ndiye amafunsa dzina la cholakwikacho ndi njira yochithetsera. Ambiri amagwa chifukwa amasokoneza halo, pamene chinthu chimodzi cha munthu chimaphimba zina zonse, ndi kufewa, pamene bwana amangopatsa aliyense malikisi apamwamba, kenako n'kupereka mankhwala a mutu kwa wodwala m'mimba. Zolakwika ziwirizi zimafanana pa fomu imodzi, koma zimasiyana mukayala mafomu onse patebulo.

Tiyerekeze kuti kampani ili ndi masupavaiza awiri, aliyense ali ndi antchito 10. Fomu ndi imodzi, ya malikisi kuyambira 1 mpaka 5, ndipo ikufunsa zinthu zinayi: kusunga nthawi, kulondola kwa ntchito, liwiro, ndi kugwirizana ndi anzake. Supavaiza woyamba wabweza mafomu momwe mulibe ngakhale 3 mmodzi. Aliyense wapeza 4 kapena 5. Wachiwiri malikisi ake ndi omwazikana bwino, ena 2, ena 3, ena 5, moti poyamba ungati ameneyu ndiye wachilungamo. Koma ukatenga fomu ya munthu mmodzi ukupeza 5, 5, 5, 5. Ya wina 2, 2, 2, 2. Palibe amene wachita bwino pa chinthu china n'kulephera pa china.

Woyamba uja ndi wofewa: vuto lake limaoneka ukayang'ana anthu onse pamodzi. Wachiwiri wagwidwa ndi halo: vuto lake limaoneka ukayang'ana munthu mmodzi pa mafunso onse. Mayi amene anapeza 5 paliponse amafika m'mawa kwambiri, amapereka moni mwansangala, ndipo kuwala kumeneko kwaphimba mfundo yoti malipoti ake atatu anabwezedwa chifukwa cha manambala olakwika. Dzina la halo analibweretsa Edward Thorndike mu 1920, ataona kuti akuluakulu a asilikali akamaunika anthu awo, malikisi a maonekedwe a thupi, nzeru, utsogoleri ndi khalidwe ankayendera limodzi mopitirira muyeso.

Chenjezo ndi lakuti manambala okha sakwanira kuweruza bwana. Gulu lija likhoza kukhaladi la akatswiri, ndipo alipo anthu amene amachitadi bwino pa zonse. Umboni uyenera kuchokera kunja kwa fomu, monga buku losainira nthawi yofika kapena chiwerengero cha ntchito zobwezedwa.

Fomu yomwe tafotokozayi ndiyo njira yoyamba, sikelo wamba. Ndi yotsika mtengo, imadzazidwa m'mphindi zochepa, ndipo fomu imodzi imakwanira madipatimenti onse. Koma sitchinga cholakwika chilichonse. Mawu oti "bwino" ndi "bwino kwambiri" aliyense amawamva mwa iye yekha, choncho 4 wa bwana uyu ndi 3 wa bwana uja. Wofewa amakwera m'mwamba, wouma mtima amatsika pansi, wamantha amangolemba 3 paliponse kuti asayambane ndi munthu.

Njira yachiwiri ndi kugawa mokakamiza. Kampani imaneneratu kuti ndi anthu angati amene akhale m'gulu lililonse. Chitsanzo chodziwika ndi cha General Electric m'nthawi ya Jack Welch: 20 pa 100 alionse pamwamba, 70 pakati, 10 pansi. Supavaiza wathu wofewa, ndi anthu ake 10, ayenera kusankha awiri apamwamba, 7 apakati ndi mmodzi wapansi, afune asafune. Kufewa kwathera pomwepo, ndipo wongolemba 3 uja nayenso wasowa pobisala. Funso la mayeso likanena za kufewa, kuuma mtima kapena kuunjika anthu pakati, yankho limakhala ili.

Koma taonani zomwe zichitike kwa supavaiza wachiwiri. Mumufunse kuti awiri apamwamba ndi ati, mosazengereza atchula mayi wa moni wansangala uja. Njirayi ikumupempha chithunzi chimodzi cha munthu yense, chomwe ndi chakudya chenicheni cha halo. Ilinso ndi vuto lake: m'gulu laling'ono la anthu ochita bwino onse, wina ayenera kuponyedwa pansi popanda mlandu, pamene wapamwamba wa gulu laulesi akulandira mphotho. Anthu amayamba kubisirana nzeru poopa kukweza mnzawo. Microsoft inasiya njira yotereyi mu 2013. Kuyerekeza anthu awiriawiri ndi mphwake wa njira imeneyi, ndipo kumatopetsa msanga: anthu 10 amapereka mapeyala 45, anthu 20 mapeyala 190.

Njira yachitatu ndi sikelo yokhala ndi zitsanzo za machitidwe, yomwe Patricia Cain Smith ndi Lorne Kendall anaifotokoza mu 1963. Manambala amakhalapo, koma pambali pa nambala pamalembedwa zomwe munthu wa pamenepo amachita. Pa kulondola kwa ntchito, 5 akhoza kukhala "amayerekeza manambala a lipoti ndi malisiti asanalitumize, ndipo amatulukira zolakwika za ena". 3 ndi "zolakwika zimapezeka apo ndi apo, koma amazikonza akauzidwa". 1 ndi "amatumiza lipoti osaliwerenganso". Tsopano supavaiza wachiwiri akafika pa mayi uja, moni sakumuthandiza, chifukwa funso ndi loti kodi amayerekeza manambala kapena ayi. Malipoti atatu obwezedwa aja akumuika pa 2 kapena 3, pamene pa kusunga nthawi 5 wake akhalabe.

Mtengo wake ndi nthawi. Pamafunika kusonkhanitsa zochitika zenizeni kwa anthu odziwa ntchitoyo, kupatsa gulu lina kuti lizisanje pansi pa mitu yake, kutaya zomwe anthu sakugwirizana, kenako kupereka nambala ku zotsalazo. Sikelo ya akalaliki singagwire kwa madalaivala, ndiye ntchito iliyonse ifuna yake. Ndiponso anthu amaitama mopyola. Frank Landy ndi James Farr atasanthula kafukufuku wa zaka zambiri mu 1980, anapeza kuti kusintha kapangidwe ka fomu kumasintha malikisi pang'ono chabe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva pa nkhani ya kufewa. Halo ndi kulakwa kwa maso, bwana sadziwa kuti akulakwa. Kufewa nthawi zambiri kumakhala kwadala: bwana akudziwa kuti mnyamatayo ndi wa 2, koma akhala naye mu ofesi imodzi chaka chonse, ndipo nambalayo ikhudza malipiro ake. Munthu wotere mungamulembere zitsanzo zokongola bwanji, adzasankhabe cha 4.

Ine nditapatsidwa kampani ya masupavaiza awiriwa, sindingathamangire kugawa mokakamiza pa magulu a anthu 10. Ndingasunge sikelo wamba, n'kulembapo zitsanzo pa 1, 3 ndi 5 zokha. Wa halo ndingamuuze kuti asamamalize fomu ya munthu mmodzi, koma aziunika anthu onse 10 pa kusunga nthawi, akamaliza n'kuyambiranso onse pa kulondola. Azilembanso zochitika m'kabuku chaka chonse, kuti zabwino za mwezi watha zisakwirire za miyezi 11 yapitayo. Wofewa uja ndingamukhazike pamodzi ndi masupavaiza anzake malikisi asanatsimikizidwe, aliyense atayala mafomu ake, ndipo pa 5 aliyense afotokoze chomwe munthuyo anachita ndi tsiku lake.